Kulemba poyera kuti mwathandizidwa ndi ChatGPT

"Ndagwiritsa ntchito ChatGPT pa asayimenti yanga, ndilembe bwanji kuti asandinene kuti ndabera?"

Choyamba funsani aphunzitsi ngati amalola. Akakana, musagwiritse ntchito zimene yakupatsanizo. Akalola, sungani mafunso anu ndi mayankho onse, popeza ChatGPT siyankha mofanana kawiri.

Kenako lembani kumapeto chimene inachita, mwachindunji: "Ndinagwiritsa ntchito ChatGPT pa 3 Meyi kukonza galamala ya gawo lachiwiri, mfundo ndi zanga."

Ngati mwatenga mawu ake enieni, atchingeni ndi zizindikiro za mawu a mwini. Mu ndondomeko ya APA yotchulira kumene mwatenga mfundo, wolemba ndi kampani imene inapanga ChatGPT, motere: (OpenAI, 2025).

Mabuku amene yakutchulirani afufuzeni mulaibulale. Ena imangopeka, ndipo mlandu umagwera inu.