Foni ikalemba "not available in your country", fufuzani motere musanamalize bandulo

Loweruka lapitali mphwanga wa pa Kamuzu Road kuno ku Salima anabwera atakwiya, akuti amafuna kuonera zigoli za ligi ya ku Mangalande pa YouTube koma vidiyo ikungolemba kuti "The uploader has not made this video available in your country". Anali atazimitsa foni katatu, kuchotsa simu kubwezeretsa, mpaka kugula bandulo ina poganiza kuti ndi netiweki, ndipo ndalama imeneyo ndi imene yandiwawa ine.

Webusayiti sikuonani kuti mwakhala pa khonde ku Senga Bay ayi, imaona nambala yotchedwa IP imene Airtel kapena TNM amakupatsani mukangoyatsa deta. Manambalawa mu Africa muno amagawa ndi bungwe la AFRINIC, ndiye zimadziwika kuti awa ndi a ku Malawi. Ukagogoda, seva, kompyuta imene imasunga webusayitiyo, imayang'ana nambala ija, ikaona kuti dziko lako mulibe m'kaundula wake basi chitseko chatsekedwa.

Choyamba tsegulani ipinfo.io muone pomwe alemba dziko. Pakhale MW. Mzinda akhoza kulemba Lilongwe kapena Blantyre inu muli ku Salima, zimenezo musadandaule nazo. Koma mukaona dziko lina monga NL kapena US ndiye kuti mwina pali VPN yoyaka, apu imene imabisa IP yanu, yang'anani kachizindikiro ka kiyi pamwamba pa sikirini, izimitseni muyesenso.

Kenako sinthani njira, ngati munali pa wayifayi ya pa loji yesani deta ya m'foni. Zikatseguka, vuto linali nambala ya wayifayi ija.

Kwa mphwanga panatuluka MW bwinobwino, deta ndi wayifayi zonse kukana, apo ndiye tinadziwa kuti atseka dala. Nkhani yake ndi ya malayisensi, mpira umagulitsidwa chigawo ndi chigawo, kuno kwathu SuperSport inagula ufulu woonetsa ligi imeneyi, ndiye kanema wa ku Ulaya amene anaika vidiyo ija analipira zoonetsa kwawo kokha. BBC iPlayer nayo ndi chimodzimodzi, ndi ya anthu a ku UK. Nthawi zina ndi malamulo a boma, apo mutha kuona nambala 451 pa tsamba.

Ku Play Store kokha nkosiyana pang'ono, amaonanso dziko limene akaunti yanu inalembetsedwa, choncho foni yakaunjika yobwera ndi akaunti ya m'bale wa ku Joni ikhoza kukubisirani ma apu ena.

Mphwanga uja anzake anamuuza kuti aike VPN yaulere, inde imabisa IP yanu nkuonetsa ya dziko lina, koma mawebusayiti akuluakulu amazizindikira nkutseka, ena malamulo awo amaletsa, komanso deta yanu yonse imadutsa kwa munthu osamudziwa, ine za ku banki sindingatsegulirepo. Tinangosaka masewero omwewo pa tsamba la SuperSport pa YouTube, zigoli anaonera pomwepo.