Wafarini ndi mankhwala atsopano oletsa magazi kuundana: zoyenera kudziwa musanapemphe kusintha

Munthu amene magazi anaundana mu mtsempha wa mwendo kapena m'mapapo, amene mtima wake umagunda mosalongosoka, kapena amene anamuika valavu yachitsulo, kachitseko kowongolera kayendedwe ka magazi mu mtima, amapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana kuti asadwale sitiroko kapena kutsekeka mitsempha. Kwa zaka zambiri mankhwala akumwa a ntchito imeneyi anali wafarini, amene anayamba kuperekedwa kwa odwala mu 1954. Masiku ano kuli ena atsopano monga rivarokisabani, apikisabani ndi dabigatirani, ndipo odwala a ku Makanjira, ku Katuli kapena ku Namwera akamva kuti atsopanowa safuna kuyezetsa magazi mwezi ndi mwezi, amawalakalaka poganizira ndalama zoyendera. Chilakolako chimenecho ndi chomveka, koma si wodwala aliyense amene angathandizidwe nawo.

Wafarini sagwira magazi mwachindunji. Amapita kuchiwindi, kumene thupi limagwiritsa ntchito vitamini K popanga zinthu zinayi zoundanitsa magazi, ndipo amasokoneza ntchito ya vitamini ameneyu. Zoundanitsa zimene zinapangidwa kale zimakhalabe zikuyenda m'magazi mpaka zithe zokha, n'chifukwa chake wafarini amatenga masiku pafupifupi asanu kuti akhwime mphamvu, ndipo wodwala amene magazi aundana kale amayamba wabayidwa jakisoni wa heparini podikira masikuwo. Mankhwala atsopano amatseka chinthu chimodzi chokha choundanitsa m'magazi momwemo, motero amayamba kugwira ntchito pakangotha maola awiri kapena anayi. Amathanso msanga. Amene waiwala wafarini tsiku limodzi amakhala akadali ndi chitetezo pang'ono, koma amene wadumphitsa rivarokisabani tsiku lathunthu amatsala pafupifupi wopanda chitetezo. Ngati mukudziwa kuti mumaiwalaiwala, kapena kuti ndalama yogulira mankhwalawa, omwe ndi odula, idzasowa pakati pa mwezi, muwauze adokotala zimenezi poyera.

Mlingo wa wafarini umasiyana munthu ndi munthu, ndipo umadziwika poyeza magazi kuti papezeke nambala yotchedwa INR. Munthu wosamwa mankhwalawa amakhala ndi INR ya pafupifupi 1. Odwala ambiri amafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3, pamene ena a valavu yachitsulo amafunika pakati pa 2.5 ndi 3.5. Nambala ikatsika, magazi angathe kuundana. Ikakwera kwambiri, munthu angathe kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo. Poyamba amayeza pakapita masiku ochepa, kenako nambala ikakhazikika amayeza kamodzi pamwezi. Mankhwala atsopano ali ndi mlingo wokhazikika ndipo INR siwayeza, koma impso ziyenera kuyezedwa asanayambidwe komanso kamodzi pachaka, kapena kawirikawiri kwa okalamba, pakuti impso zikafooka mankhwalawa amaunjikana m'thupi, makamaka dabigatirani.

Pa nkhani ya ndiwo, ndikupemphani kuti musasiye masamba. Mpiru, repu, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zili ndi vitamini K wambiri, amene amachepetsa mphamvu ya wafarini, koma choopsa ndi kusintha kadyedwe mwadzidzidzi osati kudya kwenikweniko. Banja limene limadya usipa pafupifupi tsiku lililonse m'chilimwe kenako n'kuyamba kudya masamba kawiri patsiku mvula ikagwa, lingathe kutsitsa INR ya wodwala wawo osadziwa. N'chimodzimodzi ndi ufa wa masamba a chammwamba umene ena amathira m'phala. Nyengo ikasintha, kapena mwezi wa Ramadhani ukayamba, ndi bwino kukayezetsa msanga. Mankhwala atsopano sakhudzidwa ndi masamba, komabe rivarokisabani wa mamiligalamu 15 kapena 20 ayenera kumwedwa pamodzi ndi chakudya kuti alowe bwino m'thupi, choncho osala kudya agwirizane ndi adokotala zomamwera pa futari. Dabigatirani amawonongeka ndi chinyezi, ndipo kuno kunyanja asatulutsidwe m'paketi mwake n'kusungidwa m'kapepala.

Kusiyana kwakukulu kumaonekera wodwala akayamba mankhwala ena. Tiyerekeze mayi amene amamwa wafarini wa mamiligalamu 5 tsiku lililonse, INR yake ili pa 2.5, ndiye wapezeka ndi chifuwa chachikulu. M'mankhwala a chifuwachi, amene amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, muli rifampisini, amene amachititsa chiwindi kuphwanya wafarini mofulumira kwambiri. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri INR ingathe kutsika kufika pa 1.3 ngakhale mayiyo sanadumphitse ndi tsiku limodzi lomwe. Adokotala amakweza mlingo pang'onopang'ono akuyeza sabata iliyonse, ndipo si zachilendo kuti ufike kuwirikiza kawiri kapena katatu. Ngozi yeniyeni, imene ambiri saiganizira, imadza mankhwala a chifuwa akatha. Chiwindi chimabwerera mwakale m'masabata otsatira, ndipo mayi uja akapitiriza mlingo waukulu uja, INR imakwera mpaka kumutayitsa magazi. Tsiku lomaliza mankhwala a chifuwa liyenera kudziwika kwa amene amamulembera wafarini, ndipo kuyeza kwa sabata ndi sabata kupitirire kufikira nambala itakhazikikanso.

Mayi yemweyo akanakhala pa rivarokisabani kapena apikisabani, rifampisini akanachepetsanso mphamvu yake, koma pakanasowa nambala yosonyeza zimenezo, komanso pakanasowa mlingo wodziwika woti akwezere. Pa chifukwa ichi mankhwala atsopano saphatikizidwa ndi rifampisini, ngakhalenso ndi mankhwala a khunyu monga kabamazepini, fenitoini ndi fenobabitoni. Kwa omwe ali pa mankhwala otalikitsa moyo, okhala ndi ritonavira amakweza mphamvu ya mankhwala atsopanowa, pamene dolutegiravira savuta kwenikweni. Wafarini nayenso ali ndi adani ake: bakitirimu, fulajilo ndi fulukonazo amakweza INR m'masiku ochepa. Asipirini, bulufeni ndi dikulofenaki amawonjezera ngozi yotaya magazi pa mitundu yonse iwiri, choncho mutu ukamapweteka imwani panado pa mlingo woyenera.

Pali odwala awiri amene sayenera kuchoka pa wafarini. Woyamba ndi wa valavu yachitsulo, pakuti dabigatirani atayesedwa pa odwala otere, zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti kuundana ndi kutaya magazi zonse zinachuluka. Wachiwiri ndi amene valavu yake inawonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi za paubwana ndipo mtima ukugunda mosalongosoka. Kafukufuku wa mu 2022 anapeza kuti pakati pa odwala otere, omwa rivarokisabani anamwalira ambiri kuposa omwa mankhwala a mtundu wa wafarini. Mayi woyembekezera sapatsidwa mankhwala atsopano, ndipo wafarini angathe kupundula mwana m'miyezi itatu yoyamba, motero amene akufuna kutenga pathupi akambirane ndi adokotala zisanachitike.

Kaya mukumwa mankhwala ati mwa amenewa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona kamfuno wosasiya pakatha mphindi khumi, chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi, msambo wochuluka modabwitsa, kapena mutu waukulu mutagwa. Magazi m'mkodzo ambiri kuno amangoti ndi likodzo n'kudikira, koma kwa womwa mankhwalawa chingakhale chizindikiro chakuti mlingo wapitirira. Tengani buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ogula kugolosale ndi azitsamba, ndipo nenani nthawi imene munamwa komaliza.