Kudikira ndege m'dziko la eni: viza imafunika liti?

Ife Amalawi okhala kuno ku Tete tinazolowera malire a pa Zobwe ndi pa Dedza, pomwe ukangodinditsa pasipoti walowa. Pa bwalo la ndege pali malo ena apakati. Ukatsika ndege n'kukhala m'chipinda chodikirira ndege ina, osadutsa pa tebulo la a imigireshoni, sunalowe m'dzikolo ngakhale utakhala maola 10. Ukangodutsa pa tebulolo walowa, ngakhale ukungofuna kukatenga chikwama.

Chikwamacho n'chimene chimagwetsa anthu ambiri. Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, kawirikawiri katundu amapita yekha mpaka kumapeto. Koma mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kutchipa, nthawi zambiri muyenera kutenga katundu n'kukamuperekanso, ndipo katundu amatengedwa mutadutsa kale a imigireshoni. Pamene mukupereka chikwama pa bwalo la ndege la Chingodzi, werengani kapepala komwe amata. Zilembo zitatu zosonyeza malo omaliza ndiko chikwama chikatsikire. Zikakhala JNB, mukachitenga ku Joni.

Ku Joni nkhawa ndi yochepa, poti pasipoti ya Malawi imalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Mutha kutuluka, kukagona kwa abale, m'mawa n'kubwerera. Vuto lili kutsogolo.

Tiyerekeze kuti mukupita ku Dublin ndipo viza ya ku Ireland muli nayo. Mukachoka ku Joni n'kusintha ndege ku Frankfurt kokha, mungodikira m'chipinda chija, viza ya Germany sifunika. Koma tikiti ikati Frankfurt, kenako Amsterdam, kenako Dublin, zasintha. Germany ndi Netherlands onse ali m'gulu la Schengen, ndipo ndege yapakati pawo ili ngati yochoka ku Tete kupita ku Maputo. Kuti muikwere muyenera kulowa pa Frankfurt, ndiye pafunika viza ya Schengen. Tikiti zotere zimaoneka zotsika mtengo, koma ine ndimati musazigule musanawerenge malo onse oima.

Ku Britain n'kokhwima kwambiri. Mmalawi amafunika viza yodutsira ngakhale sakutuluka m'chipinda chodikirira, pokhapokha ali ndi zikalata zina zomwe amavomereza, monga viza ya ku Canada kapena America. Ku America nako aliyense wotsika ndege amadutsa kwa a imigireshoni.

Musadalire DIRE, chikalata chija chokhalira mu Mozambique. Imakuthandizani pobwerera ku Mozambique, koma ku Ulaya amayang'ana pasipoti. Ndipo okubwezani si a ku Frankfurt kapena ku London ayi: a kampani ya ndege amakukanizani kukwera muli ku Joni, ndalama zitapita kale. Malamulowa amasintha, choncho musanalipire auzeni a kampaniyo kuti pasipoti yanu ndi ya Malawi, muwatchulire malo onse oima, ndipo afunseni ngati katundu apite yekha mpaka ku Dublin.