Momwe mungasanjire mndandanda potsata makolamu angapo mu Excel osasokoneza mizere

Mndandanda ukasokonekera posanja, chowawa chake nchoti suoneka kuti wasokonekera. Manambala onse alipo, palibe selo yomwe yafufutika, koma malikisi a mwana uyu apita kwa mwana wina ndipo inu mukungomwetulira kuti ntchito yatheka. Ine zinandichitikirapo, ndinazindikira nditaseva kale ndi kutseka fayilo, moti ndinachita kubwereranso pamapepala kulowetsa mmodzimmodzi.

Tigwiritse ntchito kamndandanda aka ka ophunzira 6, nkakang'ono dala kuti muzitha kuona ndi maso zomwe zikuchitika. Ndikati mzere ndikunena wopingasa uja, wa munthu mmodzi, kolamu ndi yotsika ija ya A, B, C, D.

```
Nambala  Kalasi  Masamu  Sayansi
101      B       64      70
102      A       81      55
103      B       90      62
104      A       81      73
105      A       47      88
106      B       64      59
```

Tikufuna a kalasi A akhale paokha, a B paokha, mkalasi iliyonse wokhoza kwambiri Masamu akhale pamwamba, ndipo awiri akafanana pa Masamu tiwalekanitse ndi Sayansi.

Musanakhudze chilichonse, onjezerani kolamu imodzi yogundana ndi tebulolo, apa ikhala E, muipatse mutu ngati Poyamba, mulembemo 1, 2, 3 mpaka pansi. Ambiri amaiona ngati ntchito yotayitsa nthawi koma mukasanjanso potsata iyoyo, ndi imene imakubwezerani mndandanda mmene unalili, chifukwa Ctrl+Z imathandiza pokhapokha fayilo musanaitseke. Manambalawo akhale olemba enieni, osati fomula ngati `=ROW()`, imeneyo imasintha mzere ukasuntha ndiye siikumbutsani kanthu. Ngati fayilo ndi yofunika, sevaninso kope ina padera.

Kenako sankhani tebulo lonse. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, Excel imasuntha zokhazo zomwe mwasankha, zina zonse imazisiya pomwe zili. Tiyerekeze mwahayilayita kolamu C yokha ndikusanja kuyambira wamkulu. Malikisi akhala 90, 81, 81, 64, 64, 47 koma manambala a ana sanasunthe, ndiye 101 yemwe anapeza 64 wapatsidwa 90, pomwe 103 mwini wake wa 90 uja watsikira pa 81. Mukaphatikiza kolamu yonse mupezabe 427 ngati poyamba, nchifukwa chake kuyang'ana totala sikungakuuzeni kuti zinthu zalakwika.

Nthawi zambiri Excel imachenjeza, imatulutsa kabokosi ka Sort Warning kokhala ndi zosankha ziwiri. Sankhani Expand the selection. Inayo, Continue with the current selection, ndi imene imabweretsa chisokonezo tangochiona chija.

Koma musadalire chenjezoli. Mukadina selo imodzi mkati mwa tebulo ndikusiya Excel iganize yokha pomwe tebulo lathera, iyo imaima pomwe yakumana ndi kolamu kapena mzere wopanda kanthu. Ndiye ngati munthu wina anasiya kolamu yopanda kanthu pakati pa Masamu ndi Sayansi kuti zizioneka bwino, Excel isanja mbali ya kumanzere yokha, Sayansi ikhala pomwepo, ndipo siinena kanthu olo pang'ono. Choipa china nchoti kolamu yotereyi imatha kukhala yobisidwa, yang'anani zilembo za pamwamba, mukaona zalumpha kuchoka pa C kupita pa E dziwani kuti pali yobisika. Njira yoyesera ndi yosavuta: dinani selo imodzi ya mutebulo, kenako Ctrl+A kamodzi, muone ngati mtundu wafika kolamu yomaliza ndi mzere womaliza. Ngati sunafike, chotsani kolamu yopanda kanthuyo kapena sankhani nokha ndi mausi kuyambira A1 mpaka kona ya pansi kumanja. Mzere wa totala ngati uli pansi musautenge, apo ayi ukalowa pakati pa ana.

Tsopano pitani pa Data, dinani Sort, batani lalikulu lija, osati timabatani ta AZ ndi ZA. Pakona ya kumanja onetsetsani kuti My data has headers yachongedwa, kupanda apo mitu ija ya Nambala, Kalasi isanjidwa limodzi ngati nayonso ndi mwana wasukulu. Pa Sort by sankhani Kalasi, Order ikhale A to Z. Dinani Add Level, pabwera mzere wa Then by, apo ikani Masamu, Largest to Smallest. Add Level kachiwiri, Sayansi, Largest to Smallest. Kenako OK.

```
104  A  81  73
102  A  81  55
105  A  47  88
103  B  90  62
101  B  64  70
106  B  64  59
```

Taonani 105, ali ndi 88 pa Sayansi, kuposa wina aliyense, koma ali pansi pa kalasi yake. Sikulakwitsa ayi. Levulo yachiwiri imagwira ntchito pakati pa okhawo omwe afanana pa yoyamba, yachitatu pakati pa omwe afanana pa ziwiri zoyambazo. Sayansi yangolekanitsa 104 ndi 102 omwe onse ali ndi 81, komanso 101 ndi 106 omwe ali ndi 64, basi. Ndiye mukaika kolamu ya Nambala pamwamba penipeni, malevulo enawo sachita kalikonse poti palibe ana awiri ofanana nambala. Mukasokoneza dongosolo la malevulo simufunika kuyambiranso, pali timivi mubokosi momwemo tokwezera kapena kutsitsira levulo. Excel imalola malevulo mpaka 64, koma ine sindinapyolepo anayi.

Mukamaliza musathamangire kuseva. Tengani ana awiri kapena atatu, wina wapamwamba wina wapansi, muyerekeze mzere wawo wonse ndi kope ija munasunga. 103 akhale ndi B, 90 ndi 62. Ngati olo mmodzi yekha sakugwirizana, Ctrl+Z pompo.

Nthawi zina mizere siinasokonekere koma dongosolo likuoneka lachilendo, mwina 90 wapita kosayenera kapena kalasi A yagawika pawiri. Kawirikawiri ndi nambala yomwe inalowa ngati mawu, imakhala kumanzere kwa selo ndi kachizindikiro kobiriwira pakona, dinani pamenepo musankhe Convert to Number. Kalasi ikagawika fufuzani sipesi yobisika, makamaka kutsogolo kwa chilembo, `=TRIM(B2)` imaichotsa, muilembe mu kolamu ina kenako zotsatira zake muzimate mu kolamu B ngati Values. Ndipo Excel ikakaniratu kusanja nkumadandaula za merged cells, sankhani tebulo lonse mupite pa Home, kamuvi ka pambali pa Merge & Center, Unmerge Cells, kenako mudzaze maselo omwe atsala opanda kanthu musanasanje.

Amene muli pa Google Sheets samalani kwambiri, kumeneko kulibe chenjezo lija, mukasankha kolamu imodzi ndikudina Sort range isanja yokhayo mwakachetechete. Sankhani tebulo lonse, Data, Sort range, Advanced range sorting options, chongani Data has header row, ndipo malevulo enawo mumaonjezera ndi Add another sort column.