Ngati ngodya ya MPU-6050 ikunjenjemera kapena kutsetsereka

Anzanga opanga timaloboti ta mawilo awiri muno mu Lilongwe, musavutike ndi masamu a Kalman mukungofuna kudziwa kupendekeka. MPU-6050 ndi kachipangizo kokhala ndi zoyezera ziwiri, akiselerometa ndi jairo. Akiselerometa imapeza ngodya poona kumene mphamvu yokokera pansi yaloza, koma mota ikangoyamba kugwedeza, manambala amadumphadumpha. Jairo, yomwe imayeza liwiro la kutembenuka, sigwedezeka choncho, vuto lake ndi loti kolakwika kake kakang'ono kamaunjikana, ngodya n'kumatsetsereka ngakhale chipangizo chili phee patebulo.

Ziphatikizeni motere:

```
acc = atan2(ay, az) * 180 / PI;
angle = 0.98 * (angle + gx * dt) + 0.02 * acc;
```

Apa `ay` ndi `az` ndi miyeso ya akiselerometa, `gx` ndi wa jairo ndipo akhale m'madigiri pa sekondi, pomwe `dt`, nthawi yapakati pa miyeso iwiri, muziyeza ndi `micros()` n'kugawa ndi 1000000.0 kuti akhale m'masekondi, osangoganizira. Mukamawerenga ka 100 pa sekondi, `dt` ndi 0.01, ndiye 0.98 × 0.01 ÷ 0.02 ikupereka masekondi 0.49. Kusuntha kofulumira kuposa pamenepo kumatsatira jairo, pamene akiselerometa imakokera ngodya pamalo pake pang'onopang'ono.

Koma poyatsa, chisiyeni osachikhudza kwa masekondi awiri, mupeze avereji ya `gx` n'kumaichotsa pa muyeso uliwonse. Mukapanda kutero, jairo yolakwa ndi madigiri 2 pa sekondi idzakusiyirani ngodya yokhota pafupifupi digiri imodzi nthawi zonse.