Kusewera tchesi ndi m'bale ali ku Toronto

"Ndili ku Area 25, mkulu wanga ali ku Toronto. Netiweki imadukaduka kuno. Tingasewere bwanji limodzi?"

Mufunika foni, kabandulo kochepa ndi akaunti ya Chess.com aliyense.

1. Siyani masewera owomberana ndi a mpira. Amenewo amafuna intaneti yosaduka, ndipo mtunda wa ku Canada wokha umachedwetsa kale chilichonse. Sankhani osinthanasinthana, ngati tchesi.

2. Potumiza pempho la masewera, sankhani "Daily", masiku 3 pa kusuntha kulikonse. Magetsi akazima madzulo onse, mudzasuntha kavalo wanu mawa popita kuntchito, palibe chotayika. Za mphindi 5 zija musayerekeze, wotchi siyima netiweki ikathawa.

3. Mukafuna kukumana pamodzi, panganani Loweruka 8 koloko usiku. Kwa iwo ndi 2 koloko masana.

4. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Malawi sasintha wotchi, koma Toronto amasintha: kuyambira Lamlungu loyamba la Novembala mpaka Lamlungu lachiwiri la Malichi kusiyana kumakhala maola 7, osati 6, ndiye 8 koloko yanu ndi 1 koloko yawo. Muzipangana pa nthawi ya ku Lilongwe, akuluwo aziwerengera okha.

5. Mukasuntha, dikirani muone kuti nthawi yayamba kuwerengera iwo musanatseke foni.