Momwe mungapezere ofesi yoyenera m'nyumba yaikulu ya boma mukamatsatira zikalata

Ife a ku Mulanje tinazolowera maofesi a pa Boma, pomwe munthu ukafunsa mlonda kuti ofesi yopereka ziphaso za unzika ili pati, amangokulozera ndi chala. Ku Blantyre nyumba imodzi yosanja imatha kusunga nthambi zingapo za boma zomwe ntchito zake sizikhudzana. Ndinayendako kangapo potsatira failo ya ndalama za malemu bambo anga, omwe ankagwira ntchito m'boma.

Musananyamuke, tengani kalata iliyonse yomwe ofesiyo inakulemberani, kapena yomwe a kwa bwanamkubwa anakupatsani pokutumizani kumeneko. Pamwamba pa kalatayo pamakhala dzina la unduna, dzina la nthambi ndi nambala ya failo, ndipo chidindo chomwe chili m'munsi chimatchulanso nthambi yomwe inadinda. Dzina la nthambi ndi lomwe lidzakufikitseni pa khomo loyenera, chifukwa dzina la unduna lokha lingakufikitseni pa nyumbayo basi. Mapepala anu mujambulitsiretu pa Chitakale, popeza ojambula omwe amakhala pafupi ndi zipata za maofesi amakweza mtengo akaona kuti munthu wapanikizika, ndipo ena makina awo amatulutsa zosawerengeka.

Maofesi amatsegula 7:30 m'mawa ndipo amapuma kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko masana, choncho minibasi yoyamba yodzera msewu wa Midima kupita ku Limbe ndi yomwe imakupatsani m'mawa wathunthu. Pa chipata muonetse chiphaso cha unzika, mulembe m'buku la alendo ngati lilipo, kenako muonetse mlonda kalatayo ndi kunena kuti: "Zikomo bambo, anthu obwera ndi nkhani ya nthambi iyi amalowera khomo liti?" Khomo lalikulu la kumaso silifika paliponse, ndipo nthambi zina zili ndi khomo lakelake la m'mbali kapena la kuseri.

Pomwe ine ndinasochera ndi pa ofesi yosunga mafailo, yomwe amaitchula kuti rejisitili. Ndinauzidwa kuno kumudzi kuti ndikayambire ku rejisitili, ndipo nditalowa pa khomo la kumaso ndinaona chitseko cholembedwa dzina lomwelo, pambali pake pali benchi yodzaza anthu. Ndinakhala pamenepo kuyambira 8 koloko mpaka itadutsa 11 koloko osafunsa aliyense. Nthawi yanga itakwana, mayi wa m'ofesimo anangoyang'ana nambala ya failo nandiuza kuti zilembo zoyambirira za nambalayo si za nthambi yawo. Apa ndi pomwe ndinadziwa kuti nthambi iliyonse ili ndi rejisitili yakeyake komanso ofesi yakeyake ya za ndalama, moti m'nyumba imodzi zitseko zingapo zimatha kukhala ndi dzina lofanana. Yanga inali pamwamba, ndipo masitepe opita kumeneko ankayambira kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi poimika magalimoto. Ndinafikako akutseka kuti akadye nkhomaliro, ndipo wosayina anali atapita ku msonkhano masanawo, choncho ndinalipira ulendo wachiwiri.

Zizindikiro zinalipo koma sindinazisamale. Anthu omwe ndinakhala nawo pa benchi anali ndi mafomu osindikizidwa omwe ine ndinalibe, ndipo zidziwitso zomata pa khoma zinali ndi dzina la nthambi ina. Musanakhale pansi, funsani womaliza pa mzere chomwe wabwerera, ndipo muyerekeze mapepala ake ndi anu. Mufunsenso ngati mzerewo ndi wa opereka mapepala kapena wa odzatenga zomwe zatuluka, popeza mizere iwiriyi imatha kuyandikana. Mukakayika, dikirani mesenjala wonyamula mafailo, chifukwa iye amayenda m'zipinda zonse tsiku lililonse ndipo zilembo za pa nambala ya failo amazidziwa kuposa mlonda. Akakuuzani kuti ofesi ili pa nsanja yoyamba, kwerani masitepe kamodzi, chifukwa zipinda za pansi siziwerengedwa ngati nsanja.

Amene adzakuyandikireni yekha panja n'kukuitanani kuti "bwana" kapena "madala" kawirikawiri amakhala dobadoba. Njira amaidziwadi, koma akagwira mapepala anu amayamba kutchula ya fanta, kenako ya munthu wa m'kati yemwe simudzamuona. Ndalama iliyonse ya boma muilipire kwa kashiya kapena ku banki yomwe ofesiyo yatchula, ndipo mulandire risiti.

Mukamaliza, lembani kuseri kwa kalata yanu nambala ya chipinda, khomo lomwe munalowera ndi udindo wa yemwe wakuthandizani, ndipo mufunse ngati kodzatengera chikalatacho ndi komweko kapena kwina.